Mpweya ukamata pa makala: kuwerenga malo amene maso sangaone

Makina opereka mpweya wa okosijeni amene amaima pambali pa bedi la wodwala m'zipatala zathu sapanga okosijeniyo. Amangokoka mpweya wamba wa m'chipindamo, womwe magawo 78 pa 100 ake ndi nayitrojeni ndipo magawo 21 ndi okosijeni, n'kuukankhira m'zitini ziwiri zodzaza ndi timibulu totchedwa ziolaiti. Nayitrojeni amamata pa timibuluto, okosijeni n'kudutsa kupita kwa wodwala. Chitini chimodzi chikakhuta, makinawo amatembenukira ku chinzake, choyambacho n'kuchiphwetsa kuti nayitrojeni uja achoke. Kupuma kumene mumamva makinawo akuchita pakapita kamphindi kalikonse ndi kusinthana kumeneku.

Amene anakonza makinawa anayenera kuyankha kaye funso looneka laling'ono: galamu imodzi ya timibuluti ingagwire mpweya wochuluka bwanji, ndipo pa pulesha yakutiyakuti malo ake ogwirira amakhala atadzaza kufika pati? Funso lomweli limafunsidwa pa makala oyeretsera mpweya, pa timatumba ta timibulu toumitsa timene timabwera m'bokosi la nsapato zatsopano, ndi pa pulatinamu wa m'paipi yotulutsira utsi wa galimoto. Malo ogwirirawo palibe angawawerenge ndi maso. Chimene munthu angayeze ndi pulesha ndi kuchuluka kwa mpweya umene wasowa, basi. Kuchoka pa manambala awiriwa n'kufika ponena kuti "malo adzaza theka" pamafunika lingaliro, ndipo lingaliro limene aliyense amayambira ndi la Irving Langmuir.

Mpweya sulowa m'thupi la chinthucho ayi, umangomata pankhope pake. Maatomu a mkati mwa chinthu cholimba azingidwa ndi anzawo mbali zonse, koma a pankhope ali ndi mbali imodzi yopanda mnzake, ndipo mbali imeneyo imakoka mamolekyulu a mpweya amene agundapo. Akatswiri amati kumataku ndi adisopushoni. Nkhope ikunenedwa apa si kunja kokha, komanso makoma a timing'alu tonse ta mkati momwe mpweya ungafike. N'chifukwa chake makala okonzedwa mwapadera ndi nthunzi yotentha amatha kukhala ndi nkhope yoposa masikweyamita 1,000 pa galamu imodzi. Zoti makala amagwira mpweya zinadziwika kalekale: Scheele anaziona mu 1773, Fontana mu 1777. Chimene chinkasowa ndi masamu ake.

Langmuir anabadwira ku Brooklyn mu 1881, ndipo kuyambira 1909 ankagwira ntchito mu labotale ya kampani ya General Electric ku Schenectady, m'chigawo cha New York. Ntchito yake inali ya mababu a magetsi, ndipo mababuwo ndi amene anamuphunzitsa kuti timpweya tochepa kwambiri timamata pa waya wotentha ndi pa galasi. Mu 1918 anasindikiza zimene anapeza poyeza mpweya pa galasi, pa mwala wosendeka wa mika ndi pa pulatinamu. Mu 1932 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito yake yokhudza nkhope za zinthu.

Lingaliro lake tiliyerekeze ndi mipando ya pamalo odikirira kuchipatala. Mipandoyo ili ndi chiwerengero chake ndipo yonse ndi yofanana. Mpando umodzi ndi wa munthu mmodzi, palibe wokhala pamiyendo pa mnzake. Munthu sasamala kuti mpando woyandikana nawo pali munthu kapena ayi. Anthu akufikabe ndipo ena akunyamuka. Wofika amakhala pokhapokha wapeza mpando wopanda munthu, choncho liwiro la kukhala limadalira unyinji wa ofika ndi kuchuluka kwa mipando yotsala. Liwiro la kunyamuka limangodalira kuchuluka kwa amene akhala kale. Pakapita nthawi ziwirizi zimafanana, ndipo gawo la mipando yodzaza limaima pamodzi ngakhale anthu ake akusinthasintha.

Unyinji wa ofika ndiwo pulesha, p. Gawo la malo odzaza amalilemba ndi chilembo cha Chigiriki θ, chimene chimayambira pa 0, pamene palibe chamata, n'kulekeza pa 1, pamene malo onse adzaza. Kufananitsa liwiro la kumata ndi la kuchoka kumabala lamulo ili:

θ = Kp / (1 + Kp)

K ndi nambala yosonyeza mphamvu ya kugwirana kwa mpweyawo ndi nkhopeyo. Ikakula, malo amadzaza msanga pa pulesha yochepa. Imasintha kutentha kukasintha, motero muyezo wonse uyenera kuchitika pa kutentha kumodzi, ndipo mzere umene umatuluka umatchedwa aisothemu. Pulesha ikakhala yochepa kwambiri, kuiwirikiza kawiri kumawirikiza θ pafupifupi kawiri, popeza malo opanda kanthu ndi ambiri. Ikakwera, mzerewo umagona, chifukwa mamolekyulu ambiri akupeza malo atatengedwa kale.

Muyezo wake

Ntchito imayamba ndi kuyeretsa. Makala amene akhala pashelefu amakhala atagwira kale chinyezi ndi mpweya wina, ndiye amawaika m'kabotolo kagalasi, n'kuwatenthetsa kwa maola angapo uku pampu ikukoka mpweya wonse. Kulemera kwake amakutenga pambuyo pa kuyeretsaku, popeza madzi amene achoka anali ndi kulemera kwawo. Kenako amalowetsa hiliyamu, mpweya umene sumata kwenikweni, kuti adziwe kukula kwa mpata wopanda kanthu m'kabotolomo ndi m'timapaipi. Mpata umenewu akaulakwitsa, mpweya umene wangoyandama amauwerenga ngati wamata, ndipo cholakwacho chimakula pamene pulesha ikukwera.

Akatero amamiza kabotoloko m'madzi osakaniza ndi aisi kuti kutentha kuime pa 0 °C. M'chipinda china chaching'ono, chimene kukula kwake kumadziwika, amadzazamo mpweya woyezedwawo n'kuwerenga pulesha yake. Akatsegula vavu pulesha imatsika pa zifukwa ziwiri: mpweya wapeza mpata wokulirapo, ndipo wina wamata pa makala. Choyambacho chimawerengeka ndi masamu, ndiye chotsalacho ndi chimene chamata. Amadikira mpaka pulesha italeka kutsika, alembe, kenako awonjezere mpweya wina. Kuchuluka kwa mpweya womata, V, amakulemba monga mmene ukanakulira pa 0 °C ndi pa 101.325 kPa, kuti manambala a malabotale osiyana athe kufananizidwa.

Manambala otsatirawa ndi ophunzirira, ndawakonza kuti afanane ndi zimene kaboni dayokisaidi angachite pa galamu imodzi ya makala, ndipo ali ndi timalakwitso tating'ono monga muyezo uliwonse.

```
p (kPa)   V (cm³)   p/V
10        16.1      0.621
20        26.5      0.755
40        40.2      0.995
60        47.9      1.253
100       57.2      1.748
```

Taonani mizati iwiri yoyambayo. Makilopasikali 10 oyamba anamatitsa 16.1, pamene 40 omaliza, kuchoka pa 60 kufika pa 100, anangoonjezera 9.3. Makalawo akukhuta, koma sanafike pokana. Chimene tikufuna ndi Vm, kuchuluka kwa mpweya umene ungadzaze malo onse mpaka kupanga mzere umodzi wa mamolekyulu wophimba nkhope yonse, chifukwa θ ndi V kugawa ndi Vm. Vuto lake n'lakuti Vm sinayezedwe, ndipo kawirikawiri siyezeka mwachindunji. Tiyenera kuipeza kuchokera ku mmene mzerewo ukupindikira.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa. Amatenga nambala yaikulu pa tebulo, 57.2, n'kuiyesa denga. Akatero amapeza kuti pa 40 kPa malo adzaza magawo 70 pa 100. Tiona posachedwa kuti yankho lake ndi 50.

Njira yake ndi kuwongola mzere wopindikawo. Mukaika V/Vm m'malo mwa θ n'kusanja bwino, lamulo lija limakhala chonchi:

p/V = p/Vm + 1/(K·Vm)

Tanthauzo lake n'lakuti mukajambula p/V motsatira p, madontho ayenera kugwera pa mzere wowongoka. Kukwera kwa mzerewo ndi 1/Vm, ndipo pamene ukuyambira, pa pulesha ya 0, ndi 1/(K·Vm). Mzati wachitatu pa tebulo paja ndi wa ntchito imeneyi. Kuchoka pa dontho loyamba kufika pa lomaliza, p/V yakwera ndi 1.127 pamene pulesha yakwera ndi 90, kutanthauza 0.0125 pa kilopasikali iliyonse. Kompyuta ikafunafuna mzere wodutsa pafupi ndi madontho onse asanu imapeza kukwera komweko kwa 0.0125, ndi poyambira pa 0.50. Tsopano 1 kugawa ndi 0.0125 ndi 80, choncho Vm ndi 80 cm³. Kukwera kugawa ndi poyambira, 0.0125 kugawa ndi 0.50, kumapereka K ya 0.025 pa kilopasikali.

Ndi manambala awiriwa zonse zatseguka. Pa 10 kPa malo adzaza gawo limodzi mwa magawo asanu. Pa 40 kPa adzaza theka, ndipo sizinangochitika: pulesha yodzazitsa theka nthawi zonse ndi 1/K, apa 1 kugawa ndi 0.025. Pa 100 kPa, pomwe muyezo unalekeza, θ ndi 0.71, ndiye kuti malo oposa limodzi mwa anayi alionse akadali opanda kanthu. Kuti adzaze magawo 90 pa 100 pafunika 360 kPa, ndipo kuti afike pa 99 pafunika 3,960 kPa, pafupifupi kuwirikiza 40 pulesha ya mpweya wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Malo omalizira ndi okwera mtengo chonchi chifukwa molekyulu imagunda malo ambiri odzaza isanapeze limodzi lotseguka. Wokonza makina amaona pomwepa kuti phindu lili m'chigawo chotsetsereka cha mzerewo, pomwe kusintha pulesha pang'ono kumagwiritsa kapena kutayitsa mpweya wambiri.

Vm imatiuzanso chiwerengero cha malowo. Mpweya wokwana 22,414 cm³ pa 0 °C ndi 101.325 kPa umakhala ndi mamolekyulu 6.022 × 10²³, choncho 80 cm³ ndi mamolekyulu pafupifupi 2.15 × 10²¹ pa galamu imodzi. Munthu akadziwa malo amene molekyulu imodzi imaphimba, amapeza kukula kwa nkhope yonse. Pa ntchito imeneyi malabotale amakonda nayitrojeni pa −196 °C, ndipo anagwirizana kuti molekyulu yake imaphimba 0.162 nm². Pa muyezo umenewu 1 cm³ iliyonse imaimira masikweyamita 4.35, kotero Vm ya 80 cm³ ya nayitrojeni ikanatanthauza pafupifupi masikweyamita 350, bwalo la mamita 20 m'litali ndi 17.5 m'lifupi, m'kaufa kosadzaza supuni.

Pamene mzere wowongoka umanyenga

Ine chimene chimandidetsa nkhawa pa njirayi ndi kufewa kwake. Manambala alionse mungawapatse, idzakubwezerani Vm ndi K, ngakhale pamene lingaliro la Langmuir silikugwirizana n'komwe ndi chinthucho. Komanso p ili mbali zonse ziwiri za galafu, m'munsi payokha ndi m'mbali mkati mwa p/V, zimene zimachititsa madontho kuoneka ogwirizana kuposa mmene alili. Kompyuta ikanena kuti mzere wakwanira ndi 0.999, munthu asafulumire kusangalala.

Choyamba kuyang'ana ndi utali wa pulesha imene yayezedwa. Tikanakhala ndi madontho awiri oyamba okha, a 10 ndi 20 kPa, kukwera kukanatuluka 0.0134 ndipo Vm ikanakhala 75 m'malo mwa 80. Madonthowo aphonya ndi zosakwana gawo limodzi pa 100, koma yankho laphonya ndi magawo 6. Chifukwa chake n'chakuti pa pulesha yochepa mzere umakhala usanapindike mokwanira, ndipo denga limadziwika ndi kupindikako. Kumunsi kwenikweni, chimene manambala amadziwa ndi K kuchulukitsa ndi Vm basi: nkhope yaikulu yogwira mofooka ndi nkhope yaing'ono yogwira mwamphamvu zimaoneka chimodzimodzi. Muyezo wabwino uyenera kupitirira ndithu pulesha ya theka ija. Pali kawongoledwe kena kofala, kojambula 1/V motsatira 1/p, koma kameneka kamapatsa mphamvu yaikulu madontho a pulesha yochepa, omwenso ndi ovuta kuwayeza molondola. Masiku ano ndi bwino kuuza kompyuta kuti ifananize lamulo lopindikalo ndi manambala mwachindunji, galafu yowongoka n'kukhala yongoonera ndi maso.

Chachiwiri ndi kuona mmene madontho aphonyera. M'chitsanzo chathu lamulo limalosera 16.0, 26.7, 40.0, 48.0 ndi 57.1, ndipo zoyezedwa zili pamwamba, pansi, pamwamba, pansi, pamwamba, zonse ndi 0.2 kapena kucheperapo. Kumwazika kotere ndi kwa chipangizo choyezera, si vuto. Koma madontho a kumapeto onse akagwera mbali imodzi, a pakati n'kugwera mbali inayo, ndiye kuti mzere weniweni ndi uta umene taukakamiza kuwongoka. Pamenepo limodzi mwa maganizo a Langmuir lasweka, ndipo kasweke kake kamasiya chizindikiro.

Losweka kawirikawiri ndi lakuti malo onse ndi ofanana. Nkhope yeniyeni ili ndi ngodya, ming'alu ndi maatomu achilendo, ndipo malo ogwira mwamphamvu ndi amene amayamba kudzaza. Zikatero V imakwera mofulumira kwambiri poyamba, kenako n'kumakwerabe pang'onopang'ono osafuna kugona. Umboni wake weniweni ndi kutentha. Mpweya ukamamata umatulutsa kutentha, ndipo malinga ndi Langmuir molekyulu yoyamba ndi yomaliza ziyenera kutulutsa kofanana. Mukabwereza muyezo pa 0 °C ndi pa 25 °C, K iyenera kutsika pa kutentha kwakukuluko pamene Vm ikhala pafupifupi pomwepo. Kuchokera ku miyezo iwiriyo mungawerengere kutentha kotuluka pa θ iliyonse, ndipo kukamachepa pamene malo akudzaza, ndiye kuti malowo ndi osiyana mphamvu kapena mamolekyulu oyandikana akukankhana.

Lina ndi lakuti molekyulu imodzi imatenga malo amodzi. Haidrojeni akafika pa pulatinamu amagawika, maatomu ake awiri n'kutenga malo awiri. Lamulo limasintha kukhala θ = √(Kp) / (1 + √(Kp)), ndipo galafu yowongoka imatuluka mukajambula √p/V motsatira √p. Woyeza amene sakudziwa zimenezi adzapeza uta pa galafu yake yoyamba, ndipo akaumirira adzalakwitsa chiwerengero cha maatomu a pulatinamu amene ali poyera, chomwe ndi chinthu chimene amafuna kudziwa pa chitsulo chodula chotere.

Ndiye pali kukhalirana pamiyendo. Mpweya ukayandikira pulesha imene umasanduka madzi, mamolekyulu amayamba kusanjikana pamwamba pa anzawo mzere woyamba usanadzaze n'komwe. V imayamba ngati ikugona, kenako n'kudzukanso kukwera. Wogwiritsa lamulo la Langmuir pamenepa amapeza Vm yaikulu kuposa yoona. Mu 1938 Stephen Brunauer, Paul Emmett ndi Edward Teller anakulitsa lingalirolo kuti lilole mizere yambiri, ndipo njira yawo, yodziwika ndi zilembo za BET, ndi imene malabotale amagwiritsa ntchito poyeza nkhope ndi nayitrojeni. Nayonso ili ndi malire ake: imadalirika kwambiri pamene pulesha ili pakati pa 0.05 ndi 0.30 ya pulesha yosandutsa mpweyawo madzi.

Makala enieniwo ali ndi msampha wawo, ndipo ndi bwino kuunena poyera popeza ndi amene tawerengera. Timing'alu tawo tambiri ndi topapatiza kuposa mananomita 2, moti molekyulu ikalowamo imakokedwa ndi makoma onse awiri. Mpweya sukuyalidwa pa nkhope yotambalala, ukudzaza kadzenje. Dzenje likadzaza mzere umagona, mofanana ndendende ndi wa Langmuir, ndipo galafu imawongoka bwinobwino. Pamenepa Vm ndi nambala yothandiza, yonena kuchuluka kumene makalawo angasenze, ndipo θ imanena kuti mpatawo wadzaza kufika pati. Koma kuisandutsa masikweyamita n'kunena kuti nkhope ndi yaikulu chonchi ndi kunena zoposa zimene muyezo waonetsa. Ziolaiti nayo ndi chimodzimodzi.

Zolakwika za m'manja nazo zimaoneka ngati za lingaliro. Woyeza akapupuluma kulemba pulesha isanakhazikike, V imatuluka yochepa, makamaka pa madontho oyamba pomwe mpweya umachedwa kulowa m'timing'alu. Chizindikiro chake n'chakuti pochotsa mpweya pang'onopang'ono madontho sabwerera m'njira imene anadzera. Pakakhala pobooka, pulesha siima ngakhale mudikire bwanji, imangoyenda pa liwiro limodzi, ndipo izi zimaoneka bwino mukatseka kabotolo kopopedwa n'kuona ngati pulesha ikukwera yokha. Kuyeretsa kukakhala kosakwanira, madzi amakhala atatenga kale malo abwino, Vm n'kutuluka yochepa. Kuti mudziwe, tenthetsaninso makala omwewo kwa nthawi yotalikirapo n'kubwereza muyezo wonse. Vm ikakwera, muyezo woyamba unali wa makala onyowa, ndipo muyenera kupitiriza kuyeretsa mpaka miyezo iwiri yotsatizana itagwirizana.